Msonkhano wa Lolemba wa mphindi 45: momwe tinakonzera ajenda pa chipatala chathu chaching'ono

Chipatala chimene ndimayang'anira ndi cha kumudzi, ndipo onse ogwira ntchito amene timakhala pa msonkhano wa sabata ndi sabata tilipo 12: ine inchaji, anamwino awiri amene ndi azamba omwe, alangizi a zaumoyo asanu ndi mmodzi kuphatikizapo wamkulu wawo, wa ku famase, kalaliki wa makaundula, ndi mayi mmodzi woimira othandiza odwala ndi osamalira pamalo. Timakumana Lolemba m'mawa chifukwa ndilo tsiku lokhalo limene alangizi onse amapezeka pa chipatala asanabalalikire m'midzi yawo. Koma Lolemba lomwelo ndilo limadzaza odwala, poti amene anadwala Loweruka ndi Lamulungu onse amabwera pamodzi. Ife tikakhala m'kachipinda, panja mzere umakhala ukukula. Lipoti ili likufotokoza mmene tinasinthira kakonzedwe ka ajenda kuti nkhani iliyonse ikhale ndi mphindi zake, zimene zinakanika poyamba, ndi pamene njirayi imalekezera.

Chimene chinandikakamiza

Ajenda yathu yakale inali yodziwika kwa aliyense amene anakhalapo mu komiti ya mpingo kapena ya sukulu: pemphero lotsegulira, mawu a wapampando, kuwerenga maminitsi, zotuluka m'maminitsi, malipoti, zina ndi zina, pemphero lotsekera. Sitinkailemba n'komwe, inali m'mutu mwa aliyense. Msonkhano wa 7:30 unkayamba cha m'ma 7:50 ndipo unkatha dzuwa litatentha.

Lolemba lina namwino wamkulu anati, pa zina ndi zina, anthu ataimirira kale ena atatuluka: "Komanso paja gasi wa fuliji ya katemera watsala pang'ono." Tonse tinagwedeza mitu. Mlembi analemba m'buku kuti nkhani ya gasi yakambidwa. Lachinayi m'mawa moto wa fuliji tinaupeza utazima. Katemera ambiri amafunika kusungidwa pakati pa madigiri 2 ndi 8, ndiye panalibe zodikira: tinalongedza onse m'mabokosi ozizira, mlangizi mmodzi n'kuwathamangitsira ku chipatala choyandikana nacho pa njinga yamoto. Katemera anapulumuka, koma pa sikelo ya Lachisanu amayi anangoyezetsa ana n'kubwerera opanda jakisoni, ena atayenda makilomita angapo mwana ali kumsana.

Chinandipweteka n'chakuti nkhaniyo inanenedwa pa msonkhano wa maola pafupifupi awiri, ife tonse tili pompo. Inalandira masekondi osakwana 30, pamene za amene anatenga ndowa ya kuchipinda cha azamba zinadya nthawi yokwanira kuphika nyemba.

Kuyeza tisanasinthe kanthu

Kwa masabata atatu sindinasinthe chilichonse. Ndinangopempha kalaliki kuti azilemba mwakachetechete nthawi imene nkhani iliyonse yayamba ndi imene yatha, komanso anthu angati alankhulapo. Misonkhano itatuyo inatenga mphindi 100, 95 ndi 110, osawerengera zodikirana.

Wa mphindi 100 uja unagawika chonchi: pemphero ndi moni 5, kuwerenga maminitsi 15, zotuluka m'maminitsi 20, malipoti 35, zina ndi zina 25. Nditaona manambalawo ndinazindikira kuti panalibe munthu mmodzi wolongolola amene ndikanamuloza chala. Malipoti ankatenga mphindi 35 chifukwa anthu 12 aliyense akalankhula mphindi zitatu zokha, zimakwana 36. Aliyense payekha ankadziona kuti wafupikitsa, ndipo ankanena zoona. Maminitsi nawo tinkawakamba kawiri, koyamba powerenga, kachiwiri potsutsana za zotulukamo, ndipo mkangano wa sabata yatha unkadzukanso ngati sunagamulidwe. Choipitsitsa, nkhani zonse zofuna chigamulo zinkabwera pa zina ndi zina, chifukwa panalibe malo ena oziika. Tinkayamba ndi zosafuna mutu anthu ali amphamvu, n'kumalizira zofuna mutu anthu atatopa, maso ali pa mzere wa panja.

Sabata yoyamba: kulemba manambala m'mphepete

Poyamba ndinachita zimene ambiri amachita. Ndinatenga mitu yomwe ija, n'kuwonjezerapo itatu, kenako ndinalemba mphindi pambali pa mutu uliwonse kuti zonse zikwane 45. Mutu wina unali wakuti "Njinga yamoto", ndipo ndinaupatsa mphindi 5. Nambala imeneyo ndinangoitola m'mutu, chifukwa 5 ndiyo inkakwanitsa samu.

Nkhani ya njinga inatenga mphindi 17. Chipatala chili ndi njinga yamoto imodzi, mafuta ake amabwera ochepa, ndipo alangizi onse asanu ndi mmodzi ali ndi midzi yakutali. Mutu wakuti "Njinga yamoto" unali ngati chitseko chotsegula: wina anayamba za tayala lakumbuyo, wina za amene anaibweza yopanda mafuta, wina za chipewa chimene chinasowa mwezi wathawo. Nditanena kuti nthawi yatha, mlangizi wina anandifunsa mwaulemu, "Nanga a inchaji, tagwirizana chiyani?" Ndinalibe yankho, chifukwa ngakhale ine sindinkadziwa chimene tinkafuna kugwirizana.

Pamenepo ndinaphunzira ziwiri zimene zonse zotsatira zaimapo. Mphindi sungazipereke kwa mutu umene sukudziwa pamene umathera. Ndipo kutalika kwa nkhani kumadalira kuchuluka kwa anthu amene ayenera kulankhulapo, osati kukula kwa nkhaniyo m'maso mwa wapampando.

Kulemba nkhani ngati funso

Tsopano nkhani iliyonse yofuna chigamulo imalembedwa ngati funso loti likayankhidwa aliyense adziwa kuti tatha. "Njinga yamoto" inasanduka "Malita 6 otsalawa apite ku maulendo ati sabata ino?" "Gasi" inasanduka "Gasi wa fuliji watsala wa masiku pafupifupi 5: akamutenga ndani kuboma, tsiku liti, pa chiyani?" Funso lotere limadzitchingira lokha. Wina akayamba za chipewa, sindifunika kumukalipira, ndimangowerenganso funso lili pa bolodi, ndipo iye yemwe amaona kuti chipewa sichikuyankha funsolo.

Funso lililonse limakhala ndi mwini wake, amene dzina lake limalembedwa pambali. Mwini nkhani ndiye amabwera ndi manambala ndiponso ganizo lake la yankho. Ichi ndimachiumirira. Munthu akabwera ndi vuto lokha, gulu limayamba kufufuza kuchokera pachiyambi, ndipo kufufuza kwa anthu 12 kulibe malire. Akabwera ndi ganizo, ngakhale losapsa, anthu amakhala ndi chogwira: kuvomereza, kukana, kapena kukonza pang'ono. Ngati nkhani ilibe woti n'kuinyamula, siilowa mu ajenda.

Mmene ndimawerengera mphindi

Samu yake ndi ya sitandade 3. Mwini nkhani amatenga mphindi 2 kufotokoza vuto ndi ganizo lake. Aliyense amene nkhaniyo ikumukhudza moti sangakhale chete ndimamuwerengera mphindi 2. Kumapeto ndimasiya mphindi 2 zoti wapampando abwereze chigamulo, mlembi alembe dzina la wochita ndi tsiku. Mphindi ziwiri zomalizazi anthu amakonda kuziiwala, chonsecho ndi zimene zinasowa tsiku la gasi lija.

Nditayesa samuyi pa nkhani ya njinga ija, inatuluka chonchi: 2 za wofotokoza, 12 za alangizi asanu ndi mmodzi, 2 zotsekera, zonse 16. Ife tinatha 17. Ndiye kuti anthu sanaononge nthawi tsiku lija, wolakwitsa ndinali ine amene ndinalemba 5.

Nkhani ikatuluka ndi mphindi zambiri chonchi, pali njira ziwiri zoona: kuipatsa mphindizo, kapena kuchepetsa olankhula. Kufinya nambala papepala si njira, n'kudzinamiza. Pa njinga tinasankha kuchepetsa olankhula. Alangizi amayamba agwirizana okhaokha Lachisanu, ena pamaso ena pa foni, ndipo wamkulu wawo amabwera Lolemba ndi ndandanda ya maulendo. Otsala oti alankhulepo ndi awiri: namwino, chifukwa nthawi zina njinga imafunika kukatsatira mayi amene anabereka posachedwa, ndi wa ku famase, chifukwa mankhwala a m'zipatala za m'midzi amayenda pa njinga yomweyo. Zikatero samu imakhala 2, 4 ndi 2, zonse 8.

Chachiwiri chowerengera ndi malo amene alipo. Pa mphindi 45 zathu, zina n'zokhazikika sabata iliyonse: 3 zotsegulira, 5 zoona ntchito za sabata yatha, 4 za manambala a sabata, 5 zosungira zogwa mwadzidzidzi, ndi 4 zowerenga ntchito zimene tagawana. Zimenezi ndi 21, ndiye zotsalira nkhani zofuna chigamulo ndi 24 basi. M'mphindi 24 mumalowa nkhani zitatu, zikakhala zazing'ono zinayi. Nditauza anzanga koyamba kuti pa sabata tili ndi malo a nkhani zitatu zokha, anaona ngati ndikuseka. Koma kale, pa maola awiri aja, nkhani zimene tinkazigamula mpaka kukhala ndi dzina ndi tsiku sizinkafika n'komwe zitatu.

Ajenda ya Lolemba lina inaoneka motere pa bolodi:

7:30 Pemphero ndi kuwerenga ajenda, wapampando, mphindi 3
7:33 Ntchito za sabata yatha, zatheka kapena ayi, mlembi, mphindi 5
7:38 Gasi watsala wa masiku 5: akamutenga ndani, liti, pa chiyani? Namwino wamkulu, mphindi 10
7:48 Malita 6 otsala apite ku maulendo ati? Wamkulu wa alangizi, mphindi 8
7:56 Sikelo ya Lachinayi ya kutsidya kwa mtsinje ichitike kapena isunthe? Mlangizi wa deralo, mphindi 6
8:02 Manambala a sabata, kalaliki, mphindi 4
8:06 Zogwa mwadzidzidzi, mphindi 5
8:11 Kuwerenga ntchito: ndani, chiyani, liti, mlembi, mphindi 4
8:15 Kutseka

Ndimalemba ola lenileni kumanzere, osati mphindi zokha kumanja. Munthu sangasunge m'mutu kuti nkhani ya mphindi 8 inayamba liti, koma akaona pa foni yake kuti ndi 7:58 pamene bolodi likuti 7:56 tikhale tili pa sikelo, amadziwa yekha kuti tatsalira. Nkhani yolemera kwambiri, imene ikalephereka ingavulaze odwala, imakhala yoyamba. Zidziwitso ndi manambala zili kumapeto dala, chifukwa nthawi ikatithera zimenezo tikhoza kuzimata pakhoma anthu n'kuwerenga okha.

Maminitsi sitiwawerenganso. Mlembi ali ndi tsamba limodzi la mizere itatu: ntchito, dzina, tsiku. Amatchula ntchito, mwini wake amayankha kuti yatheka kapena ayi, ndipo ikakhala ayi amanena tsiku latsopano. Chifukwa chake chikakhala chachitali, imeneyo ndi nkhani yatsopano yofuna malo ake. Malipoti a aliyense tinawachotsa. M'malo mwake kalaliki amawerenga manambala ochepa amene tinagwirizana, monga odwala malungo a sabatayo, otsegula m'mimba, amayi amene abereka, ndi mankhwala amene atsala pang'ono. Nambala ikadumpha modabwitsa ndiyo imabereka funso.

Ntchito ya Lachisanu

Ajenda ya Lolemba imakonzedwa Lachisanu, ndipo imanditengera mphindi 20 kapena 30 odwala akachepa masana. Kuyambira Lachiwiri pakhomo la ofesi pamakhala pepala loti aliyense alembepo nkhani yake, ndipo alangizi amene ali kumidzi amatumiza pa gulu lathu la WhatsApp. Pepala limatsekedwa Lachisanu 12 koloko.

Nkhani iliyonse ndimaifunsa mafunso angapo. Kodi ikufunika anthu onse 12, kapena ndi ya anthu awiri amene angaimalize pakhonde? Za ndowa zija zimagwera pamenepa. Kodi ingadikire Lolemba? Fuliji ikasonyeza madigiri opitirira 8 Lachitatu, imeneyo si ya ajenda, ndi yothamangira tsiku lomwelo, ndipo ndinachita kunena poyera kuti wina asasunge moto m'thumba podikira msonkhano. Kodi ndi chidziwitso chabe? Chimapita pakhoma. Zotsala ndimazisandutsa mafunso, ndipo apa ndimayenera kumuimbira kapena kumupeza mwini nkhani, chifukwa kawirikawiri chimene walemba sichimene akufuna. Mlangizi wina analemba "mtsinje". Nditamufunsa, nkhani inali yakuti mvula yayamba, mtsinje ukumadzaza masana, ndipo akuopa kuoloka ndi bokosi la katemera pobwerera. Funso lake linali losavuta, sikelo ichitike Lachinayi m'mamawa kapena isunthe, ndipo woyenera kuyankhapo anali namwino mmodzi yekha. Mphindi 6 zinakwana.

Zikachuluka kuposa mphindi 24, ndimasankha, ndipo amene nkhani yake yatsala ndimamuuza Lachisanu lomwelo pamodzi ndi chifukwa chake ndi tsiku limene idzalowe. Ndinaphunzira izi movutikira. Munthu akabwera Lolemba atakonzeka n'kupeza nkhani yake palibe pa bolodi, amaiponya ndithu, pakati pa nkhani ya mnzake.

Wosunga nthawi, ndi nkhani ya achikulire

Apa ndi pamene pepala limakumana ndi anthu. Poyamba ntchito yosunga nthawi ndinapatsa mlangizi wamng'ono pa onse, mtsikana wongoyamba kumene, poganiza kuti ndi ntchito yopepuka. Wamkulu wa alangizi ndi bambo amene anayamba ntchito mtsikanayo asanabadwe, tonse timawatchula kuti achikulire. Iwo akalankhula amayambira kutali, chaka chimene mlatho unakokoloka, kenako n'kubwera pang'onopang'ono. Mphindi zawo zitatha ndinaona mtsikana uja akuyang'ana foni, akuyang'ana ine, akuyang'ananso pansi. Sakanatha kutsegula pakamwa, ndipo ndinalakwa kumuika pamenepo.

Sabata yotsatira tinayesa alamu ya foni kuti wodula akhale makina. Inalira achikulire ali pakati pa chiganizo. Ena anaseka, iwo anakhala pansi osamaliza, ndipo sanalankhulenso mpaka kutseka. Masana ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango akukonza unyolo wa njinga yawo yakapalasa.

"Achikulire, za m'mawa zija sizinayende bwino. Pepani."

"A inchaji, ine si mwana wa sukulu woti belu lizindiuza kukhala pansi. Ngati mawu athu atha ntchito, mungonena."

"Ayi, mawu anu ndi amene ndikuwafuna. Koma onani mzere uja. Ndithandizeni, tichite bwanji kuti mfundo yanu imveke koma 8:15 tikhale titatsegula?"

Anakhala chete pang'ono, kenako anati vuto si nthawi, vuto n'kudulidwa pamaso pa ana. Anapempha kuti ndiziwauza Lachisanu mphindi zimene ali nazo kuti aziyamba ndi kumapeto kwa nkhani, mbiri izibwera wina akaifunsa. Ganizo limenelo linali labwino kuposa anga onse, ndipo tsopano aliyense amachita choncho: ganizo lako poyamba, zifukwa pambuyo.

Kasungidwe ka nthawi kanasinthanso. Wosunga nthawi salankhula ndipo palibe cholira. Ali ndi kakatoni kofiira kamene amakakweza pang'ono, moyang'anitsa kwa wapampando, kukatsala mphindi 2. Wodula ndi wapampando yekha, ndipo sadula ndi mawu akuti nthawi yatha. Ndimadikira munthu apume, n'kunena kuti, "Achikulire, ndibwereze kuti ndione ngati ndamva bwino: mukuti njinga ipite kaye kutsidya Lachiwiri mtsinje usanadzaze, eti?" Akavomera, mfundo yawo yalowa m'buku, ulemu wawo uli pomwepo, ndipo tili kale m'mphindi ziwiri zotsekera. Ntchito ya kakatoni imazungulira sabata ndi sabata, ndipo achikulire nawo amaigwira. Sabata yawo amakweza kakatoni msanga kuposa aliyense, makamaka wolankhula akakhala ine.

Nthawi ikatha nkhani isanathe

Zimachitika pafupifupi sabata iliyonse, ndipo chimene wapampando achite pamphindi imeneyo ndicho chimasonyeza ngati manambala a pa bolodi ali ndi mano. Tili ndi njira zitatu ndipo ndimasankha mokweza mawu, onse akumva. Ngati zimene tamva zikukwana, timagamula pomwepo. Ngati kwatsala pang'ono, ndimapempha chilolezo chotapa m'mphindi 5 zosungira zija, ndipo ndimanena kuti tikutapa zingati. Ngati zaoneka kuti pali chimene sitikuchidziwa, nkhani imatuluka mu msonkhano ndi mayina a anthu awiri kapena atatu oti akaimalize, ndi tsiku.

Lolemba la ajenda ili pamwambayi, nkhani ya gasi inafika 7:46 kakatoni katakwera, tikadazungulira. Namwino anali ataganiza zoti silinda ipite pa ambulansi ikabwera kudzatenga wodwala, wa ku famase anakumbutsa kuti ambulansi siibwera mwa ndandanda, ndipo silinda yodzaza si yonyamula pa njinga yamoto m'misewu ya dzinja. Chinkasowa n'chakuti palibe ankadziwa ngati galimoto yobweretsa mankhwala ibwere sabata imeneyo. Kukambirana kwina kulikonse kukanakhala kungopeka. Tinalemba kuti wa ku famase aimbe kuboma isanakwane 10 koloko tsiku lomwelo, ndipo ngati galimoto siibwera pofika Lachitatu, namwino wamkulu apite yekha ndi silinda yopanda kanthu pa matola Lachitatu m'mawa. Tinatapa mphindi imodzi. Galimoto sinabwere, namwino anapita, fuliji sinazime.

Njira yachitatuyi ili ndi msampha wake. Nkhani zotuluka tinkazilemba pakona ya bolodi, ndipo patatha masabata asanu ndi limodzi pakonapo panali nkhani 9, zina choko chitayamba kufufutika. Anthu anayamba kunena kuti pakona ndi kumanda. Ankanena zoona, chifukwa zingapo ndinazikankhira kumeneko opanda dzina kapena tsiku, pongofuna kuti 8:15 ikwane. Lamulo lathu tsopano n'lakuti palibe cholembedwa pakona chopanda dzina ndi tsiku, ndipo nkhani ikaonekera Lolemba lachiwiri isanathe, imapatsidwa msonkhano wakewake kapena timavomerezana poyera kuti taisiya.

Pamene mphindi sizithandiza

Sabata ina kunabwera kalata yoitana anthu awiri ku maphunziro a masiku angapo kuboma, okhala ndi alawansi. Ndinaiika pa ajenda ngati funso la mphindi 6, apite ndani. Inatha m'mphindi 3, popanda wotsutsa, ndipo ndinatuluka ndikudziyamikira. Pofika masana nkhani inali ikukambidwa pansi pa mango, pa mjigo, ndi m'gulu lina la WhatsApp limene ine mulibe. Anthu anali ndi madandaulo a zaka, akuti omwewomwewo ndi amene amapita, ndipo ataona nambala 6 pa bolodi anamva kuti ndatseka pakamwa pawo ndisanayambe. Tinachita kuitanitsa msonkhano wapadera Lachitatu masana, wopanda kakatoni, umene unatenga ola ndi theka, n'kutulukamo ndandanda ya kasinthasintha imene ili pakhoma mpaka lero.

Kuyambira pamenepo nkhani yokhudza ndalama za m'thumba mwa anthu, kukondera, kapena kusamvana kwa anthu awiri sindiipatsa mphindi. Pa ajenda ya Lolemba imangolowa ngati funso lakuti tikumane liti. Chimodzimodzi kuunika imfa ya mayi kapena ya mwana, kumene kuli ndi dongosolo lakelake ndipo sikufuna wotchi. Mnzathu akaferedwa, ajenda imayamba ndi zimenezo ndipo zina zimasuntha, palibe amakweza kakatoni pa chipepeso. Nthawi ya kolera, m'dzinja la kumayambiriro kwa 2023, msonkhano wa sabata tinauimika kaye, tinkakumana choimirira mphindi 10 m'mawa uliwonse, chifukwa nkhani ya Lachiwiri sikanadikira Lolemba.

Zizindikiro zoti ajenda yayamba kudwala ndimaziona msanga tsopano. Nkhani yovuta ikatha mofulumira anthu ali chete, ndiye kuti ikukambidwa kwina. Mphindi zosungira zikamatha sabata iliyonse, ndiye kuti ndikuchepetsa chiwerengero cha olankhula powerengera Lachisanu. Zogwa mwadzidzidzi zikamadzaza ndi nkhani zimene eni ake ankazidziwa kuyambira Lachitatu, ndiye kuti zina ndi zina zabwerera ndi dzina latsopano, ndipo ndimafunsa funso limodzi, "Mwazidziwa liti?" Pepala la pakhomo likakhala loyera masabata awiri otsatizana sindisangalala, ndimayendera anthu mmodzimmodzi.

Mmene zilili pano

Kalaliki amalembabe nthawi yeniyeni pambali pa imene ndinakonza, ndipo kumapeto kwa mwezi timayang'ana limodzi. Misonkhano yambiri imatha pakati pa 8:15 ndi 8:20. Imene imapitirira imakhala ya sabata ya malipoti a pamwezi, moti sabata imeneyo ndimaika nkhani ziwiri zokha. Ndinazindikiranso kuti nkhani zimene mwini wake ndi ine ndizo zimadumpha malire kawirikawiri, popeza wapampando sadzidula yekha. Choncho nkhani ikakhala yanga, mpando ndimapatsa namwino wamkulu kwa mphindi zimenezo.

Chimene sichinatheke mpaka pano ndi kuyamba 7:30 yeniyeni m'dzinja. Alangizi awiri amachokera kutsidya, ndipo mvula ikagwa usiku amafika matope ali m'maondo nthawi itapita. Timayamba ndi amene alipo, koma nkhani zawo ndimazisunthira kumunsi kwa bolodi, zomwe zikuphwanya lamulo langa lomwe loika zolemera poyamba. Pa pepala la sabata ino wina walemba kuti miyezi ya mvula msonkhano uzikhala Lolemba masana, odwala atachepa. Nkhaniyo ikukhudza anthu onse 12, ndiye samu yake ndi 2 za wofotokoza, 22 za otsalawo ndi 2 zotsekera, zonse 26, kuposa malo onse amene tili nawo. Ndauza achikulire kuti ayambe amva maganizo a alangizi, namwino wamkulu amve a otsalawo, ndipo Lolemba likubwerali ndaipatsa mphindi 8.